Kusiyirana ntchito pa shifiti: mafunso ndi mayankho a uthenga wa munthu woweruka

Tsambali ndi la anthu ogwira ntchito mosinthana pa makina, makamaka m'zigayo zikuluzikulu za kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, ndiponso abale athu amene ali m'mashopu okonzera makina ku Moatize ndi mumzinda wa Tete. Mayankho onse akutsata chitsanzo chimodzi chimene tachikonza kuti tiphunzirirepo: malo ogayira ufa okhala ndi zigayo ziwiri, mashifiti atatu a 06h00, 14h00 ndi 22h00, ndi mmisiri amene akuweruka usiku atasiya chigayo chimodzi chili chomasula.

Kodi mu uthenga wosiyirana ntchito muzikhala chiyani?

Muzikhala zinthu zimene wolowa sangazione ndi maso ake akangofika. Kuti chigayo chikulira akumva yekha. Chimene sangachidziwe ndi chakuti chigayo chachetecho chaima chifukwa chiyani, chatsala pati kuti chithe kukonzedwa, chikudikira ndani, komanso kuti masana munalonjeza munthu wina kanthu.

Choncho timalemba zigawo zinayi, ndipo sitisintha dongosolo lake. Choyamba ndi changozi: chilichonse chimene chingavulaze munthu kapena kuwononga makina wina akachiyatsa asakudziwa. Kenako ntchito zotsala, kenako zopinga, ndipo pomaliza malonjezo. Changozi chimakhala pamwamba chifukwa munthu wofika pa 22h00 amawerenga mizere itatu yoyamba ali chiimire, chikwama chili pamsana. Zotsalazo amawerenga atakhala pansi, ngati phokoso la ntchito silinamuitane kale.

Ngati chigawo china chilibe kanthu, lembani kuti "palibe". Malo osalembedwa sauza wolowa ngati kunalibedi kanthu kapena munangoiwala.

Tionetseni uthenga wathunthu.

Nawu, monga angalembere mmisiri wa shifiti ya 14h00 kwa mnzake wamkulu wa usiku:

> Akulu, nazi za shifiti ya 14h00 mpaka 22h00, Lachiwiri.
>
> CHANGOZI: Chigayo 2 musachiyatse. Chotchingira malamba ndachotsa, malamba anayi ali pansi, nyumba ya bering'i ya mbali ya pule ndi yotsegula. Swichi yaikulu ndatseka ndi loko wofiira. Kiyi ndikupatsani m'manja ndipo musayine m'buku.
>
> ZOTSALA: (1) Chigayo 2. Bering'i inafika madigiri 92 pa 17h40, masiku onse imakhala pakati pa 60 ndi 65. Ndinaimitsa pa 17h50. Girizi ndi wakuda, muli tizitsulo. Shafiti ndaiona, ilibe mikwingwirima. Chatsala: kuchotsa bering'i yakale, kuika yatsopano, kubwezera malamba ndi chotchingira, kuyesa mphindi 30 popanda chimanga. Mabawuti ali m'chitini pansi pa mota. (2) Oda ya matumba 120 a makilogalamu 50 opita ku Tete ndi lole ya mawa 07h00. Tasoka 48, atsala 72. Chigayo 1 chikutulutsa matumba 10 pa ola.
>
> ZOPINGA: (1) Bering'i 22212 K ndi kathumba kake H 312 ku sitoro kulibe. A ku sitoro ayitanitsa ku Tete pa 18h15, akuti ibwera ndi lole ya mawa 07h00. Iliko 6212, musaike. (2) Dizilo wa jenereta watsala malita 40, pafupifupi maola atatu. Kiyi wa thanki yaikulu ali ndi a shefi, ndawauza pa 20h30, sanayankhe.
>
> MALONJEZO: (1) Ndinauza dalaivala wa lole kuti magetsi akatisokoneza timuimbira isanakwane 05h00. Ili ndikukusiyirani, nambala ili pa bolodi. (2) Amayi obweretsa matumba 30 a chimanga chonyowa (16 peresenti, tawaika padera kukhoma la kumpoto) ndinawalonjeza yankho pofika 08h00. Ili ndi langa, ndiwaimbira ndekha ndikalankhula ndi a shefi.
>
> Foni yanga ikhala yoyatsa mpaka 23h30.

Uthengawu umawerengeka pa mphindi ziwiri. Mulibe kuti anasesa, anathira girizi pamalo a masiku onse, kapena kuti chigayo 1 chinayenda bwino kuyambira 14h00. Zimenezo zili ndi malo ake m'buku la zochitika, ndipo kuzisakaniza muno kumangokwirira mizere yofunika.

Bwanji osangolemba kuti "chigayo 2 chili ndi vuto, mupitirize"?

Chifukwa wolowayo adzayamba ntchito yanu kuyambira pachiyambi. Adzafuna kumva phokoso la bering'i ndi makutu ake, ndipo njira yomvera ndi kuyatsa. Apa ndi pamene anthu amavulalira.

Ntchito yotsala imafuna mayankho anayi. Munaona chiyani ndipo inali nthawi yanji? Mwachita chiyani? Mwachisiya chili bwanji? Chotsatira n'chiyani? Mwa anayiwa, lachitatu ndi limene anthu amalidumpha kwambiri. Munthu amalemba kuti "ndayamba kusintha bering'i", koma sanena kuti chivundikiro ndi chotsegula kapena kuti mabawuti awiri anangowalowetsa ndi dzanja osamanga ndi sipanala. Makina omasulidwa theka amaoneka ngati athunthu usiku, pansi pa babu limodzi ndi fumbi la ufa. Ngati mwabwezera chivundikiro kuti fumbi lisalowe koma simunamange, lembani momwemo: "chivundikiro ndangovundikira, sichomanga."

Nambala iziyenda ndi inzake ya masiku onse. Madigiri 92 paokha sauza munthu watsopano kanthu. Akaona kuti masiku onse imakhala 60 mpaka 65, wadziwa kuti yakwera ndi madigiri pafupifupi 30. Izi n'zofunika kwambiri m'chigawo chathu chino, chifukwa makina omwewo satentha mofanana m'bandakucha wa Juni ku Ulongue ndi masana a Okutobala ku Moatize, kumene mpweya wokha umapitirira madigiri 40. Mawu akuti "ikutentha kwambiri" amatanthauza zosiyana kwa anthu awiri amene anakhudza chitsulo chomwecho.

Lembaninso zimene mwaona kuti zili bwino. Mzere wakuti "shafiti ilibe mikwingwirima" ukupulumutsa wolowa ku ntchito yoyang'ananso, ndipo ukuuza a ku sitoro kuti shafiti asayitanitse.

Pa oda ya ufa, onani mmene manambala atatu akuperekera chiganizo chonse. Matumba 72 pa liwiro la matumba 10 pa ola ndi maola 7 ndi mphindi 12. Kuchokera 22h00 kufika 07h00 pali maola 9. Mpata wotsala ndi ola limodzi ndi mphindi 48, ndipo tikachotsapo theka la ola loyeretsa sefa, watsala ola limodzi ndi mphindi 18. Akulu a usiku akawerengera motero adziwa kuti nthawi yotayika ikapitirira ola limodzi, pa magetsi kapena pa china chilichonse, oda ili pachiswe. Woweruka akanalemba kuti "oda ya ku Tete yatsala pang'ono", palibe akanadziwa kuti usikuwo ndi wothina chonchi.

Ndatseka swichi ndi loko. Kiyi ndipite naye kapena ndimusiye?

Tsatirani lamulo la pamalo panu, koma lamulo lililonse labwino limagwira mfundo imodzi: pasakhale mphindi ngakhale imodzi imene makina omasula ali opanda loko. Malo ena amati wolowa ayambe waika loko wake, kenako woweruka achotse wake. Pamenepo pamafunika kachitsulo kokhala ndi mabowo angapo kuti maloko awiri akwane pa swichi imodzi. Malo ena ali ndi loko mmodzi wa gulu, ndipo kiyi amaperekedwa m'manja, onse awiri n'kusayina. Njira yoyamba ndi imene timaikonda, chifukwa aliyense amateteza thupi lake ndi loko wake. Chitsanzo chathu chatsata yachiwiri chifukwa ndi imene zigayo zing'onozing'ono zingaikwanitse lero lomwe.

Zimene sitivomereza ndi ziwiri. Kupachika kiyi pamsomali pafupi ndi swichi n'chimodzimodzi kusatseka. Kupita naye kunyumba osauza munthu kumachititsa kuti bering'i ikabwera m'mawa anthu adule lokoyo ndi sowo, ndipo akazolowera kudula maloko, tsiku lina adzadula wa munthu amene dzanja lake lili m'kati mwa chigayo.

Pa lokopo mangiraninso kapepala kolimba kolembedwa tsiku, nthawi, chifukwa ndi amene watseka. Uthenga uli m'buku ndi m'foni, koma munthu wofuna kuyatsa amaima pa swichi, ndipo chenjezo liyenera kumupeza pomwepo.

Nkhani imene amisiri a maiko ambiri amaphunzitsidwa pa mfundo imeneyi ndi ya Piper Alpha, malo okumbira mafuta a pa nyanja ya kumpoto chakum'mawa kwa Scotland. Pa 6 Julayi 1988, a shifiti ya masana anachotsa vavu yotetezera pa paipi ya pampu imodzi kuti aikonze, n'kutseka pabowopo ndi chitsulo chongoyembekezera. Ntchitoyo sinathe. Usiku pampu inzake itaima, a shifiti ya usiku anayatsa ija asakudziwa kuti vavu palibe, chifukwa chikalata cha ntchito ya vavuyo sichinawafike. Gasi anatuluka, moto unabuka, ndipo anthu 167 anafa. Chigayo chathu sichingaphe anthu ochuluka chotero, koma mpata umene unasiyidwa ndi womwewo: ntchito yatheka, ndi munthu wolowa amene sanauzidwe.

Chopinga chimasiyana bwanji ndi ntchito yotsala?

Ntchito yotsala wolowa angathe kuigwira yekha akapeza nthawi. Chopinga sangachichotse ngakhale atalimbikira bwanji, chifukwa chili m'manja mwa munthu wina kapena chikudikira chinthu chimene palibe. Mukazisakaniza, wolowa amataya ola lathunthu akufunafuna bering'i ku sitoro imene inu munaifuna kale masana.

Chopinga chilichonse chinene chimene chikusowa ndi dzina lake lenileni, amene ali nacho m'manja, nthawi imene munamufunsa komaliza ndi zimene anayankha. Mawu akuti "tikudikira sipeya" alibe chilichonse mwa izi. Nambala yosindikizidwa pa bering'i ikopereni ndendende, chifukwa kusiyana kwa chilembo chimodzi ndi ulendo wina wa ku Tete. Chilembo K pa 22212 K chikusonyeza kuti bowo lake ndi lopendekeka, ndipo imamangidwa pa shafiti ndi kathumba ka H 312. Ikabwera yopanda K, siikhala pa kathumbako.

Mzere wakuti "iliko 6212, musaike" tikufuna muuonetsetse. Mabering'i awiriwa ali ndi bowo la mamilimita 60 ndipo kunja onse ndi 110, choncho munthu woyika pamodzi akhoza kuganiza kuti ndi amodzi. Koma 6212 ndi ya timipira, m'lifupi mwake ndi mamilimita 22, pamene 22212 ndi ya tizitsulo togudubuzika m'mizere iwiri, m'lifupi 28, ndipo imanyamula katundu wolemera kwambiri komanso imalolera shafiti ikapendekeka pang'ono. Woweruka anaiona 6212 pa shelefu, anadziwa kuti mnzake wothinidwa ndi oda adzaionanso pakati pa usiku, ndiye anatsekeratu njirayo. Mukadziwa njira yachidule yolakwika imene wina angakopeke nayo, ilembeni.

Ngati mungathe, onjezani chochita chopingacho chikapanda kuchoka. Pa dizilo, chochita n'chakuti akulu a usiku ayesenso kuimbira a shefi nthawi yomweyo akulowa, magetsi asanazime, osati jenereta ikayamba kutsamwa. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mphepo ndi ziphaliwali zimatha kudula magetsi nthawi ina iliyonse, choncho malita otsala m'jenereta timawalemba pa shifiti iliyonse ngakhale zonse zili bwino.

Ndinalonjeza munthu kuti ndimuimbira. Ndikaweruka, lonjezolo ndi la ndani?

Ndi lanu mpaka wina atanena ndi pakamwa pake kuti walitenga. Kulilemba m'buku sikulisamutsa.

Malonjezo ndi amene amatayika kwambiri pa kusinthana, chifukwa sasiya chizindikiro. Chigayo chomasula chimaoneka, matumba osasoka amaoneka, koma mawu amene munauza dalaivala pa geti ali m'mutu mwanu ndi mwake basi. Iye sadziwa za mashifiti anu. Akudziwa kuti "a kuchigayo anati andiimbira", ndipo foni ikapanda kulira amanyamuka ndi lole yake, n'kupeza matumba 95 m'malo mwa 120.

Lonjezo lililonse lilembedwe ndi munthu amene munamulonjeza, chimene munanena, nthawi imene munatchula, ndi mwini wake kuyambira tsopano. Posankha mwini, funsani kuti yankho lidzakhala ndi ndani nthawiyo ikadzakwana. Za lole, amene adzadziwe pa 05h00 ngati ufa wakwana ndi akulu a usiku, ndiye lonjezo lipite kwa iwo. Za amayi a chimanga chonyowa, woweruka ndi amene anayeza chinyezi, ndi amene anakambirana nawo, ndipo nthawi ya 08h00 idzapeza akulu a usiku ataweruka kale. Kulipereka kwa iwo kukanafuna kuti nawonso alipereke kwa a shifiti ya m'mawa, ndipo lonjezo lodutsa m'manja atatu kawirikawiri limafika litasintha. N'chifukwa chake analisunga yekha. Koma analilembabe, kuti amayiwo akalawirira pa geti wina asawauze kuti sakudziwa kanthu, komanso kuti matumba 30 aja asalowe m'chigayo. Chimanga cha chinyezi cha 16 peresenti chimamata pa sefa, chimachepetsa liwiro la chigayo, ndipo ufa wake umachita nkhungu m'thumba. Chouma bwino chimakhala cha m'ma 13.

Musaiwale malonjezo a m'kati. Ngati munauza wosoka matumba kuti mumupezera singano ya makina ake, nalonso ndi lonjezo.

Ndilembe m'buku, nditumize pa WhatsApp, kapena tingokambirana?

Buku ndi pakamwa, zonse ziwiri, nthawi zonse. Foni ndi yowonjezera.

Buku limakhala pamalo a ntchito, silifuna netiweki kapena batire, ndipo wa shifiti ya mawa masana angathe kubwerera masamba atatu m'mbuyo. Kukambirana kumapereka mpata wofunsa, umene pepala silingapereke. WhatsApp imathandiza a shefi ndi a ku sitoro amene sali pamalopo, ndipo chithunzi cha nambala ya bering'i kapena cha loko ali pa swichi chimathetsa mikangano yambiri. Njira yosavuta ndi kulemba m'buku, kujambula tsambalo, n'kutumiza chithunzicho ku gulu. Mukatero palibe mauthenga awiri onena zosiyana.

Mawu ojambulidwa pa foni sitiwalola kukhala uthenga wosiyirana ntchito. Pafupi ndi chigayo cholira samveka, nambala ngati 22212 imasokonekera m'khutu, ndipo munthu wofuna kudziwa malita a dizilo ayenera kumvetsera mphindi zinayi zonse kuti apeze mawu amodzi. Komanso timizere tiwiri tabuluu timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa. Sitisonyeza kuti munthu wamva kapena wavomera.

Chinyanja kapena Chipwitikizi?

Chimene wolowa amawerenga mosavutika. Ambiri kuno anaphunzira kulemba m'Chipwitikizi koma amakambirana ntchito m'Chinyanja, ndipo ku Moatize gulu limodzi limatha kukhala ndi olankhula Chinyungwe, Chisena ndi Chinyanja. Ngati kampani ikufuna buku la Chipwitikizi, lembani motero, koma mzere wa changozi muunenenso pakamwa m'chilankhulo chimene mnzanuyo amaganizira. Mayina a zipangizo ndi manambala a sipeya musawamasulire, alembeni monga alembedwera pa chitsulo. Nthawi ilembeni ya maola 24, chifukwa "5 koloko" ili kawiri pa tsiku ndipo a usiku amakumana ndi ya m'bandakucha.

Ndiyambe kulemba nthawi yanji?

Chinthu chikangochitika. Khalani ndi kapepala m'thumba la ovolosi, ndipo nthawi iliyonse imene mwaimitsa makina, mwaimbira munthu kapena mwanena kuti "ndikuuzani", lembani nthawi ndi mawu awiri atatu. Pa 21h30 khalani pansi musanje timapepalato m'zigawo zinayi zija. Wolemba zonse pa 21h55 amakumbukira za ola lomaliza lokha. Kukumana ndi amayi a chimanga kunachitika masana, ndipo zoterezi ndi zimene zimagwa.

Musanalembe mzere wa changozi, pitani mukaone ndi maso. Gwedezani lokoyo, dinani batani loyatsira kuti mutsimikize kuti mota sikuyenda, werengani matumba pa mulu, yang'anani geji ya dizilo. Nambala ya 48 ikhale yowerenga pa 21h30, osati imene munamva kwa wosoka pa 20h00. Kenako siyani mphindi 10 kapena 15 zoti muyende limodzi ndi wolowa. Malo amene amafuna kuti wina atuluke pa 22h00 ndendende pamene wina akulowa pa 22h00 ndendende sanasiye nthawi yosiyirana ntchito, ndipo a shefi ayenera kukonza zimenezi pa ndandanda, osati kudalira kuti anthu azitsalira mwa kufuna kwawo.

Ine ndine wolowa. Udindo wanga ndi wotani?

Werengani woweruka asanachoke, ndipo mubwereze ndi mawu anu zimene mwamva. Mwachitsanzo: "Ndiye mukuti chachiwiri chikhale chotseka mpaka bering'i ifike, ine ndigaye 72 pa choyamba, ndipo zikavuta ndiimbire dalaivala isanakwane 05h00. Amayi aja ndi anu." Kubwereza kotere si kukayikira mnzanu. Ndi pamene zimaonekera ngati mmodzi amati lole ibwera 07h00 pomwe wina anamva 17h00.

Kunoko timalemekeza akuluakulu, ndipo mnyamata wolandira ntchito kwa mmisiri wamkulu amachita manyazi kufunsa. Amangoti "chabwino, akulu" ngakhale sanamve. Amene ali wamkulu ndiye atsegule njira: "Achimwene, tandiuzani mmene mwamvera, mwina ndadumpha china." Naye wamng'ono angathe kufunsa mwaulemu kuti, "Pepani akulu, pa chigayo 2 paja, mabawuti a chivundikiro mwamanga kapena mwangolowetsa?" Palibe mmisiri weniweni amene angakwiye ndi funso limeneli.

Uthenga wopunduka umadziwika ndi mawu ake. Mukaona "zili m'manja", "akudziwa", "posachedwa", "zakonzedwa pang'ono" kapena "monga mwa masiku onse", imani pomwepo mufunse kuti m'manja mwa ndani, akudziwa ndani, nthawi yanji. Mukaona ntchito yomasula makina koma palibe mawu a loko, pitani ku swichi musanasayine. Kusayina kwanu kukutanthauza kuti kuyambira nthawi imeneyo zonse zolembedwazo ndi zanu, kupatula zimene woweruka wanena kuti wasunga.

Sindikudziwa bwino chimene chawononga bering'i. Ndilembe zimene ndikuganiza?

Lembani, koma muzisiyanitse ndi zimene mwaona. "Girizi ndi wakuda, muli tizitsulo" ndi zoona ndi maso. "Ndikuganiza kuti malamba anali omangika kwambiri" ndi maganizo, ndipo mawu akuti "ndikuganiza" akhalepo. Mukalemba maganizo ngati chinthu chotsimikizika, wolowa amasiya kufufuza. Adzaika bering'i yatsopano, adzamasulako malamba, koma mwina vuto lenileni ndi mahamala otha mbali imodzi amene akugwedeza shafiti, ndipo yatsopanoyo idzaphwanyikanso pasanapite nthawi.

Pali china chovutirapo. Nthawi zina chowononga ndi chimene woweruka anachita yekha, monga kuthira girizi wochuluka mpaka bering'i kutentha, kapena kuiwala maginito ogwira tizitsulo atawachotsa poyeretsa. Zoterezi zilembedwe monga zochitika zina zonse: "Ndinathira girizi pa 15h00, mapampu 12." Wolowa akufuna chidziwitsocho kuti apeze gwero. A shefi amene amagwiritsa ntchito bukuli ngati chida chodulira malipiro adziwe kuti akuphunzitsa anthu awo kulemba "zonse zili bwino", ndipo buku lotero lilibenso ntchito.

Wondilandira sanabwere ndipo nthawi yakwana. Ndichite bwanji?

Musasiye makina akuyenda opanda mwini, ndipo musasiye uthenga kwa mlonda wa pa geti kuti akapereke. Imbirani a shefi, anene amene alandire. Akapezeka wina wa gulu lomwelo, mupatseni uthenga wonse monga mukanapatsira mwini wake, ndipo mulembe m'buku amene walandira ndi nthawi yake. Akapanda kupezeka, a shefi asankhe pakati pa kuti mutsalire ndi kuti muimitse chigayo, ndipo chosankhacho chilembedwe. Lamulo la ntchito la Mozambique limaika nthawi ya masiku onse pa maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata, choncho maola otsalira alembedwe ngati owonjezera. Munthu amene wagwira maola 8 pafumbi ndi phokoso angathe kudikira pang'ono, koma kumupatsa shifiti yachiwiri yathunthu pafupi ndi malamba ozungulira n'kuika moyo wake pangozi.

Chinthu chimodzi chakhala chikulembedwa mashifiti asanu osatha. Tipitirize kukopera?

Ayi. Mzere wokoperedwa mawu ndi mawu maso amaudumpha pofika kachitatu. Nthawi iliyonse lembani tsiku limene chinayamba ndi chimene chasintha: "Bering'i, kuyambira Lachiwiri 17h50. Lole ya Lachitatu inabwera opanda. A ku sitoro akuti ogulitsa ku Tete alibe, akufunsa kwina, ayankha Lachinayi 10h00." Chopinga chikadutsa mashifiti atatu, amene ndi tsiku lathunthu, sichilinso nkhani ya pakati pa amisiri. Woweruka achipereke kwa a shefi mwachindunji pamodzi ndi mtengo wake: chigayo choima maola 24 pa matumba 10 pa ola ndi matumba 240 osagayidwa. Nambala imeneyi ndi imene ingawathandize kusankha ngati n'koyenera kutuma munthu dala kukagula, ngakhale kuwoloka malire a Calómue kupita ku Dedza kapena ku Lilongwe, kumene kwa ife a ku Angónia n'kufupi kuposa mzinda wa Tete.

Chinthu chikatha, musangosiya kuchilemba. Chitsekeni ndi mzere umodzi: "Chigayo 2 chayenda 11h20, patatha ola limodzi bering'i ili pa madigiri 63, loko wachotsedwa, kiyi wabwerera m'bokosi." Popanda mzerewu, wa usiku amene anasiya chigayocho chili chotseka sadziwa ngati chinakonzedwa kapena wina anangochotsa loko.

Ndafika kunyumba ndipo ndakumbukira chimene sindinalembe.

Ngati n'changozi kapena chili ndi nthawi yake usiku womwewo, imbani foni, musalembe uthenga, ndipo musaleke mpaka munthu ayankhe. Wolowa akapanda kuyankha chifukwa cha phokoso, imbirani wosoka matumba, a shefi kapena mlonda kuti akamuitane abwere pa foni, mulankhule naye nokha. Iye alembe m'buku pansi pa uthenga wanu kuti "zowonjezera pa foni, 22h50", kuti a m'mawa adzazione pamalo amodzi. Ngati n'chinthu chodikira mpaka mawa, uthenga wolemba ku gulu ukwanira, koma mukadzalowa pa 14h00 muone ngati chinalowa m'buku, ndipo ngati sichinalowe muchilembe nokha ndi tsiku limene chinachitika.